Firiji ya mawati 150 ikazimitsa inveta ya 500: mugule yayikulu kapena musinthe firiji?

Ku Chibavi magetsi atathima, mnzanga analumikiza firiji ya mawati 150 ku inveta ya mawati 500, chipangizo chosintha mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba. Kompresa, mota ya firijiyo, itangoti gwedeze, inveta inalira, kanyali kofiira kanayaka, zii.

Inveta sinali yowonongeka. Mota ikamadzuka imakoka mphamvu kuchulukitsa kasanu, mwina kuposa, kwa kamphindi. Apa ndi mawati 750 kapena 1,000, pomwe inveta ya 500 nthawi zambiri imapirira 1,000 mwa kanthawi kochepetsetsa. Onjezani wailesi yakanema, basi yadutsa malire.

Njira yoyamba ndi kugula inveta yayikulu, ya 1,500. Imadzutsa firiji mosavutika, koma batire limamva kuwawa: mawati 1,000 pa mavoti 12 ndi maampeya oposa 80. Mawaya akakhala owonda, mphamvu imagwa, inveta n'kuzimabe, ulendo uno ikudandaula za batire. Yayikulu imadyanso moto ngakhale isakugwira ntchito.

Yachiwiri ndi firiji ya kompresa yodzuka pang'onopang'ono, yolembedwa "inverter". Ndi yodula, inde, koma sikoka mwadzidzidzi, ndiye ya 500 ija imakwana.

Ngati firiji yanu yakalamba kale, ine ndingasinthe firijiyo. Koma wokhala ndi pampu ya pachitsime agule inveta yayikulu kuposa ya 1,500 ija: pampu ya 750 imatha kufuna mawati oposa 3,000 podzuka.