Kuloweza maola, wotchi ya pafoni, kapena kudzera pa UTC

Anzanga kuno ku Katoto akhala akundifunsa chifukwa chake ndimalemba UTC, nthawi imene mayiko onse amawerengerapo maola awo, papepala pomwe foni ndili nayo. Ndiyankhe kamodzi.

Kale ndinkangoloweza kuti New York ili m'mbuyo mwa Malawi ndi maola 7. Njirayi ndi yachangu, koma ndi imene inandilumitsa. Kumapeto kwa Malichi ndinali ndi intavyu ya ntchito pa intaneti, 9 koloko m'mawa nthawi ya ku New York. Ndinawonjezera 7 n'kupeza 4 koloko madzulo. Ndinagula bandulo, kusita malaya, kukakhala m'tauni pomwe netiweki imagwira bwino. Polowa ndinangopeza uthenga woti anandidikira mphindi khumi n'kutseka. Kumeneko amakankhira mawotchi patsogolo ndi ola limodzi kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamlungu loyamba la Novembala, ndiye kusiyana kunali maola 6. Intavyu inali 3 koloko. Ife sitisuntha wotchi chaka chonse, n'chifukwa chake zoterezi sizitibwerera m'mutu.

Wotchi ya mizinda ya pafoni siinama, koma imakuwuzani za lero. Msonkhano ukakhala wa mwezi wamawa, mawotchi atasintha kale, mugwa m'dzenje lomwelo.

UTC siisuntha, kaya ndi chilimwe kaya dzinja. Dera lililonse lili ndi nambala yake kuchokera pamenepo: Malawi ndi UTC+2, India ndi UTC+5:30, Toronto ndi UTC-5 koma m'miyezi yosintha ija ndi UTC-4. Polowa mu UTC mumatembenuza chizindikiro cha + kapena - cha nambalayo, potuluka mumachitsata mmene chilili.

Mu Julayi achimwene a ku Toronto anati tikambirane za chiliza Lachisanu 9 koloko usiku nthawi yakwawo, ndipo ine ndiwuze mphwathu amene akuphunzira ku India. Ndinalemba 21:00 Lachisanu. Popeza Julayi ndi UTC-4, ndinawonjezera 4: 25:00, kutanthauza 01:00 UTC Loweruka. Tsiku ladumpha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Kenako kuwonjezera 5:30 kunapereka 06:30 Loweruka m'mawa ku India. Kwathu kuno, 01:00 kuwonjezera 2, inali 3 koloko mbandakucha, m'chisanu cha Mzuzu cha Julayi! Ndinawawuza achimwene kuti asinthe.

Vuto la UTC ndi loti masamu ndi awiri m'malo mwa amodzi, komanso nambala ya deralo muyenera kuifufuza ya tsiku la msonkhanolo, osati ya lero. Musadalirenso zilembo zachidule: IST ikhoza kukhala ya India, Ireland kapena Israel. Funsani dzina la mzinda.

Ine zoloweza ndinasiyiratu. Foni ndimaigwiritsa ntchito pongotsimikizira m'mawa wa tsikulo, koma pakhoma pali kapepala ka mizere itatu: kochokera, UTC, kopita, mzere uliwonse ndi tsiku lake.