Pulinta yathu ya leza patapita miyezi: za mawu oduka m'mphepete mwa pepala

"Mlembi, mzere wosainira uja wapita kuti? Pa kompyuta ukuoneka, koma pa pepala palibe."

Anafunsa choncho ndi msungichuma wa bungwe lathu lothandizana pa maliro kuno ku Mufakose mu Harare, ndipo tsopano, nditagwiritsa ntchito pulinta yaing'ono ya leza imene tinagula kwa miyezi ingapo, ndinganene motsimikiza kuti makinawo alibe vuto. Amalemba mooneka bwino, sachedwa, ndipo sakonda kutafuna mapepala. Chimene chinkadula mawu ndi kusagwirizana kwa kukula kwa pepala m'malo atatu: m'chikalata, m'pulogalamu yoyendetsa pulinta, ndi m'thireyi momwe timaika mapepala.

Mapepala amene timagula m'masitolo a mu Harare ndi A4, amene m'lifupi ndi mamilimita 210, m'litali 297. Pepala la Letter la ku Amereka ndi lotambalala pang'ono koma lalifupi, mamilimita 215.9 kwa 279.4. Pulogalamu ya pulinta yathu inabwera itaikidwa pa Letter, choncho makina ankaganiza kuti pepala lathera pa 279.4 ndi kusiya mamilimita pafupifupi 18 a pansi osalemba kanthu. Mzere wosainira ndi nambala ya tsamba zinali m'chigawo chimenecho. Titasintha Paper size kukhala A4 mu Printing preferences, vutolo linatha mpaka lero. Ndikulimbikitsa kusinthira pamenepo osati m'zenera la Print lokha, chifukwa zosinthira m'zeneralo kawirikawiri zimabwerera mwakale mukatseka pulogalamu.

Pamene paduka ndi pamene pamaulula chifukwa. Kukaduka pansi pokha, kayikirani Letter. Kukaduka pang'ono mbali zonse, ndiye kuti mawu alowa m'kachigawo kamene pulinta silemba, kamene pa makina ambiri a leza ndi mamilimita 4 kapena 5 kuzungulira pepala, ndipo pa makina ena a inki ya madzi kamakula kwambiri cha kumunsi. Koma ngati zilembo zoyamba za mzere zili zonse kumtunda kwa tsamba ndipo zikudyeka pamene mukutsika, pepala lalowa mopendama, ndiye kankhani timapulasitiki tam'mbali mwa thireyi kuti tiligwire bwino.

Anthu ambiri akaona mawu aduka amathamangira Fit, chosankha chopanikiza tsamba kuti likwane pa pepala, ndipo apa mpamene ndikufuna tisamale. Membala wina amene ali ku Canada anatitumizira fomu ya PDF yopangidwa pa Letter, mabokosi ake ofika pafupi ndi mphepete. Titaisindikiza pa Actual size mu Adobe Acrobat Reader, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja iliyonse inataya mamilimita 3 chifukwa cha kutambalala kwa Letter, kuwonjezera 4 amene makina salemba, moti chilichonse chimene chinali mkati mwa mamilimita 7 kuchokera m'mphepete chinasowa. Titasankha Fit, tsamba lonse linapanikizidwa kuti lilowe m'malo olembeka a mamilimita ngati 202, kutanthauza kuti linachepa kufika pafupifupi 94 peresenti. Fomu inatuluka yathunthu, ndipo pa ntchito ngati imeneyi, ya PDF imene simungathe kuikonza, Fit ndi woyenera ndithu.

Komabe kuchepako kuli ndi mtengo wake. Mzere wa mamilimita 100 umatuluka wa pafupifupi 94, zilembo zimachepa, ndipo akuluakulu athu amene maso ayamba kufooka amadandaula. Pa zinthu zofunika muyeso weniweni, monga timapepala tomata pa maenvulopu kapena makadi a umembala odula ndi sizasi, gwiritsani ntchito Actual size, apo ayi mawu sadzagwera m'mabokosi mwake. Vuto lina ndi lakuti Fit amachepetsanso pang'ono PDF imene ili kale pa A4, chifukwa amawerengera kachigawo kosalembeka kaja.

Chikalata chimene mwalemba nokha mu Word sichifunika kupanikiza. Pa Layout sankhani Size kukhala A4, kenako Margins. Normal amasiya masentimita 2.54 mbali zonse, Narrow amasiya 1.27, ndipo zonsezi pulinta yathu imakwanitsa popanda kudula. Chimene chimaiwalika ndi mtunda wa Footer kuchokera m'mphepete, umene uli pawokha pa Layout ya m'bokosi la Page Setup. Ife timausiya pa masentimita 1.25 kuti nambala ya tsamba isadyeke.

Kaundula wa zopereka ali mu Excel, ndipo ali ndi mizati ya miyezi 12 kuphatikiza mayina. Fit Sheet on One Page imaunjika mamembala onse pa tsamba limodzi mpaka manambala osawerengeka. Chimene chatithandiza ndi kugoneka pepala pa Landscape ndi kusankha Fit All Columns on One Page, kuti miyezi yonse ioneke m'lifupi, mayina apitirire pa masamba otsatira.

Kwa bungwe laling'ono ngati lathu, pulintayi ndingaigulenso, bola woilumikiza ayambe waika A4 m'malo atatu aja tsiku loyamba lomwelo, asindikize tsamba limodzi loyesera, ndi kuliyeza ndi lula asanatulutse mafomu a mamembala onse.