Kiriyetini: sikelo inakwera ndi makilogalamu 1.4 pa sabata imodzi, koma sanali mafuta

Ndagwiritsa ntchito chigubu chonse cha magalamu 300 a kiriyetini, ufa umene onyamula zitsulo amamwa kuti awonjezere mphamvu, mpaka kutha, ndipo ndadikiranso masabata asanu ndi limodzi ndisanalembe ndemangayi. Ndinachiitanitsa kuchokera ku Lilongwe kudzera pa foni, dzina lolemba pofufuza ndi Creatine Monohydrate, ufa woyera wopanda fungo, wosasakaniza ndi china chilichonse. Ndimanyamula zitsulo katatu pa sabata pa kajimu kena kuno ku Kasungu boma, kamene theka la zonyamula zake ndi simenti youmbira m'zitini.

Wogulitsa anandiuza kuti ndiyambe ndi mlingo waukulu: magalamu 20 pa tsiku, ogawa kanayi, kwa masiku asanu ndi awiri, kenako magalamu 5 tsiku lililonse. Ndinatsatira. Mmawa wa tsiku loyamba ndinali ndi makilogalamu 68.0. Pa tsiku lachinayi ndinali pa 68.9, ndipo sabata itatha sikelo inaima pa 69.4. Mayi a kunyumba ataona anangoti, "Bambo a mwana, ufa wanuwu ndi uja amadyetsa nkhuku zoyera kuti zinenepe msanga?" Ndinaseka, koma mumtima ndinali ndi nkhawa, chifukwa ine cholinga changa sichinali mimba.

Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi masamu. Kuti munthu aunjike kilogalamu imodzi ya mafuta m'thupi, ayenera kudya makalori pafupifupi 7,700 opitirira amene thupi lake latentha. Makilogalamu 1.4 ndiye kuti makalori oposa 10,000 pa sabata, kapena 1,500 owonjezera tsiku ndi tsiku. Kumeneko n'kudya nkhomaliro kawiri ndi mgonero kawiri sabata yonse. Ine ndinkadya mitanda yanga ya masiku onse, ndipo kiriyetiniyo payekha sawonjezera makalori oti n'kuwawerengera. Ndinayezanso m'chiuno ndi tepi ya telala: masentimita 79 poyamba, 79 pa tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Kaya unali mnofu watsopano? Ndikanakonda zikanatero, koma mnofu sumera ngati bowa. Ngakhale woyamba kumene zitsulo, amene amakula msanga kuposa tonse, akapeza kilogalamu imodzi pa mwezi ndiye kuti zamuyendera kwambiri. Pa sabata ndiye magalamu 200 mwina 250, ndipo kwa ine amene ndanyamula zaka ziwiri, ochepera pamenepo. Ufawo nawonso sulemera kanthu. Thupi la munthu wa makilogalamu 70 limasunga kale kiriyetini pafupifupi magalamu 120, ndipo likadzaza limafika cha m'ma 150 kapena 160. Choncho pa magalamu 140 amene ndinamwa sabata imeneyo, otsala m'thupi anali 30 mpaka 40 basi, ena onse anapita ndi mkodzo. Mukachotsa zonsezi pa 1.4, pamatsala makilogalamu 1.1 kapena 1.2. Amenewo ndi madzi, magawo asanu ndi atatu pa magawo khumi, mwinanso kuposa.

Madziwo amabwera motere. Pafupifupi 95 peresenti ya kiriyetini wa m'thupi amakhala m'minofu, ndipo amalowa m'maselo a mnofu limodzi ndi sodiyamu, uja wa mu mchere. Amene anathirapo mchere pa tomato wodula akudziwa kuti madzi amatuluka kutsata mcherewo. M'thupi ndi chimodzimodzi, kungoti ulendo uno chokoka madzi chalowa m'kati mwa selo, ndiye madzi amalowa kuchitsatira, selo n'kufufuma pang'ono. Thupi limapeza madziwo posunga ena amene akanatuluka. Kafukufuku wa Eric Hultman ndi anzake wa mu 1996 anapeza kuti mkodzo umachepa masiku oyamba a mlingo waukulu. Ineyo ndinaziona ndisanadziwe n'komwe chifukwa chake: ndinkamwa madzi ambiri koma kuthengo ndinkapita mwa apo ndi apo, ndipo ndinkangoti ndi kutentha kwa Okutobala.

Pamene sindikugwirizana ndi wogulitsa ndi pa mawu ake akuti madzi onsewo amalowa m'minofu, palibe dontho lopita kwina. Akukokomeza. Madzi a m'thupi amakhala pawiri, pafupifupi magawo awiri pa atatu m'kati mwa maselo, gawo limodzi kunja kwake, m'magazi ndi m'mipata ya pakati pa maselo. Kafukufuku wina wa mu 2003 anapeza kuti kiriyetini anawonjezera madzi a thupi lonse koma kagawidweko sikanasinthe, kutanthauza kuti akunja nawo anakwera. Tikatengera pamenepo, pa madzi anga okwana malita 1.2, mamililita 800 anali m'kati mwa maselo, makamaka a minofu poti ndi kumene kiriyetini amakhala, ndipo 400 anali kunja. Ambiri ali m'mnofu ndithu, koma osati onse. Mamililita 400 omwazika thupi lonse saoneka ndi maso, n'chifukwa chake nkhope sinatupe ndipo mphete inkavulika bwinobwino. Chimene ndinamva ndi manja a malaya kuthina pang'ono m'mikono.

Umboni weniweni unabwera chigubu chitatha, pa tsiku la 39. Ndinali pa 69.9. Sindinagulenso, ndalama zinapita ku feteleza, koma zitsulo ndi kadyedwe sindinasinthe. Kiriyetini wa m'minofu amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti abwerere mwakale, ndipo sikelo inatsika pang'onopang'ono chomwecho mpaka kuima pa 68.7. Makilogalamu 1.2 anapita okha, ofanana ndi madzi aja ndinawerengera. Otsalawo, magalamu 700, ndiwo ndingayerekeze kuti ndi phindu la zitsulo.

Kuti manambala ngati awa akuuzeni zoona, yezani pa sikelo imodzi, mmawa, mutachoka kuchimbudzi, musanadye. Ine tsiku lina ndinakwera sikelo ya anyamata a pa depoti masana nditadya, inandipatsa 71, ndinatsala pang'ono kutaya chigubu. Thupi limasintha ndi kilogalamu yathunthu pa tsiku limodzi chifukwa cha nsima, mchere ndi thukuta.

Mnzanga wina amene tinagawana naye maganizo anamwa za mtundu womwewu, sikelo yake inangosuntha ndi magalamu 300. Iye amadya nyama pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nyama ndi nsomba ndiye zakudya zokhala ndi kiriyetini, ndiye n'kutheka kuti minofu yake inali itadzaza kale. Ife a nyemba ndi soya timayamba ndi wochepa, malo olowa amakhala ambiri, madzinso amatsatira ambiri.

Zodandaula zilipo. Ufawu susungunuka bwino m'madzi ozizira, umatsalira pansi pa kapu ngati mchenga, mpofunika madzi ofunda. Tsiku lachitatu ndinaiwala wa masana n'kumwa magalamu 10 nthawi imodzi madzulo, ndipo usiku umenewo ndinatsegula m'mimba. Mlingo waukulu uja unadyanso pafupifupi theka la chigubu pa sabata imodzi, chonsecho kafukufuku wa 1996 yemwe uja anasonyeza kuti magalamu 3 pa tsiku amadzazitsa minofu chimodzimodzi pakatha masiku 28. Chigubu changa chikanakhala masiku 100, ndipo sikelo ikanakwera mosadzidzimutsa munthu. Wogulitsa sananene zimenezi.

Ngati mapazi kapena nkhope zatupa, kapena mukadina pamwendo chala chikusiya kadzenje, amenewo si madzi a kiriyetini, siyani mupite kuchipatala. Amene ali ndi vuto la impso asayambe asanaonane ndi dokotala, ndipo mukamakayezetsa magazi nenani kuti mukumwa kiriyetini, chifukwa ufawu umatha kukweza nambala ya kiriyatinini imene amayezera impso.

Ndikupereka nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndikagulitsa soya ndigulanso, koma ndizidzamwa magalamu 3 kuyambira tsiku loyamba.