Wapolisi wa pafoni anandidyera R1 500 kuno ku Joni

Abale anga a ku Mchinji, makamaka inu a kwa Kamwendo amene muli ndi ana kuno ku Joni, ndati ndikuuzeni zomwe zinandionekera mwezi wathawu chifukwa anthu omwewa afika kale mpaka pa mafoni anu kumudziko.

Linali Lachiwiri cha m'ma 10 mmawa, ndili m'gadeni mwa abwana ku Randburg ndikudula kapinga. Foni inalira, nambala yake yoyamba ndi 011 ngati ya muofesi. Bambo wina wa mawu akulu ananditchula dzina langa lonse ndi la bambo anga lomwe, nkuti iye ndi kaputeni wa SAPS, apolisi a kunowa. Akuti a SARS, omwe ali ngati MRA ya kwathu, anditsegulira mlandu chifukwa ndakhala ndikutumiza ndalama ku Malawi osalipira msonkho, ndipo chikalata chondimangira chasainidwa kale, galimoto ili panjira. Anandiwerengera nambala ya mlandu yoyamba ndi CAS, kumbuyo kwake ndikumva maredio a polisi akulira ndi anthu akuyankhula Chizulu.

Mukudziwa mmene timakhalira kuno. Pasipoti ya Malawi amakudindira masiku 30 basi, ndipo anga anatha kalekale. Ndiye munthu akangotchula Lindela, kuja ku Krugersdorp komwe amasungira anthu odikira kuthamangitsidwa, mawondo amazizira, mutu umasiya kugwira. Iye anatchula Lindela katatu konse.

Kenako anati dikira ndikulumikize ndi mayi wa ku SARS mwina akuthandiza. Mayiyo amayankhula mofatsa ngati nesi, akuti achimwene musaope, tikhoza kutseka failo lero lomwe mukalipira chindapusa cha R3 500 isanakwane 12 koloko. Pa WhatsApp panalowa kalata ya chidindo, chizindikiro cha boma pamwamba, dzina langa pakati. Anandifunsanso nambala ya m'bale wa kumudzi akuti ndi ya pa fomu, ine osaganiza ndinapereka ya achemwali anga. Ndipo mobwerezabwereza amati musadule foni, musauze munthu, mukauza abwana anu nawonso amangidwa posunga munthu wopanda mapepala.

Apa ndi pamene pagona chinyengo chonse, ndazindikira pano. Ndinakhala pa foni pafupifupi ola lathunthu, kuchoka m'gadeni, kuyenda mpaka ku shopu, kuima pa mzere wa pa thilo, foni ili kukhutu. Sakufuna upeze ngakhale mphindi ziwiri zoti ufunse mnzako. Ndinawauza kuti ndili ndi R1 500 yokha, ya lendi, iwo osavuta akuti bweretsani yomweyo kaye. Anandiuza ndigule vocha, zija za pini yaitali zomwe anyamata amagula akafuna kubetcha mpira, ndiye ndiwawerengere manambala a pa silipi. Ndinawerenga.

Pasanathe mphindi zisanu kaputeni uja anabwereranso, mawu asintha, akukalipa kuti kompyuta yakana ndalama yoperewera, ndipeze R2 000 yotsalayo pompano kapena galimoto ikhota. Ndalama ndinalibe, ndipo nkusowa komweko komwe kunandipulumutsa, chifukwa ndinadula foni kuti ndiimbire mkulu wa mpingo wathu andibwereke. Ndisanamalize nkufotokoza iwo anangoti mwana wanga wabeledwa, usayankhenso.

Madzulo ake mkuluyo, amene ali ndi mapepala abwinobwino, anapita yekha ku siteshoni ndi nambala ya CAS ija. Nambala yeniyeni imakhala ndi zigawo zitatu, nambala ya mlandu, mwezi ndi chaka, ndipo imakhala ya siteshoni imodzi, ndiye kufufuza sikuvuta. Yanga ija inalipo koma inali ya mlandu wina wa munthu wina, ndipo kaputeni wa dzina lomwe ndinapatsidwa kunalibe. Za nambala ya 011 apolisi a pa siteshonipo anawauza kuti tisamaikhulupirire, akuba amaimba kudzera pa intaneti nkusankha nambala yoti ioneke pa foni yako, ngakhale ya siteshoni yeniyeni. Za dzina langa ndikuganiza kuti analitola m'magulupu a WhatsApp ofunira ganyu momwe timaponyamo maina ndi manambala mwachisawawa.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi chakuti ngongole ya msonkho ndinalibe nkomwe. Mkulu uja anandiwerengera pa pepala, mu chaka cha msonkho cha 2025 munthu wosakwana zaka 65 amayamba kudulidwa msonkho wa pa malipiro akapitirira R95 750 pa chaka, pafupifupi R8 000 pa mwezi, pamene ine ndimalandira R4 800. Ndipo ngakhale ukhale ndi ngongole, a SARS amakulembera kalata, ngongoleyo imaoneka pa akaunti yako ya msonkho ya pa intaneti ya eFiling, ndipo umalipira ku akaunti yawo ndi nambala yako, sangakutume vocha. Ukakayika umaimba wekha pa 0800 00 7277. Apolisinso chindapusa chovomera kulakwa chimakhala pa pepala lomwe wapatsidwa m'manja, umakalipira pa kauntala ya siteshoni kapena ku khoti nkulandira lisiti. Ndipo tangoganizani, wapolisi amene ali ndi chikalata chokumangira angayambe wakuimbira kukuchenjeza kuti akubwera?

Ndalama ija sinabwerere. Vocha ili ngati kashi, amene ali ndi pini ndiye mwini wake, ndipo pomwe timaimbira a kampani yake inali itagwiritsidwa kale ntchito. Ikanakhala ya kubanki mwina kuimbira banki msanga kukanathandiza kuimitsa, ngakhale nazonso sizodalirika chifukwa amaitapa mwachangu. Lendi ndinachita kupempha alandilodi andidikire masabata awiri.

Tsopano mbali yanu. Patatha masiku anayi achemwali anga analandira foni kumudzi, munthu woyankhula Chichewa chabwinobwino, akuti ndi wapolisi wothandiza Amalawi ku Joni, ine ndamangidwa pa nkhani ya msonkho ndipo pakufunika K300,000 pa foni dzuwa lisanalowe. Anawauzanso kuti asavutike kundiimbira foni yanga yalandidwa. Amayi anayamba kulira, alamu anali atayamba kale kufunsa mtengo wa matumba a soya omwe amasunga kuti adzagulire feteleza. Mwamwayi mwana wa achemwali wa fomu 3 anangoyesa kundiimbira pa WhatsApp, ine nkuyankha ndili pa basi.

Ndiye chonde, wina akakuimbirani kuti mwana wanu wamangidwa, kapena akuti ndi a MRA katundu amene watumizidwa wagwidwa pa Mwanza kapena pa Dedza tumizani ndalama ya dyute pa Airtel Money kapena Mpamba, dulani kaye. Imbirani mwanayo, akapanda kuyankha imbirani amene amakhala naye kapena wa thiransipoti amene ananyamula katunduyo, pa nambala yomwe mumaidziwa kale osati yomwe wakupatsani woimbayo. Musaope kuti kudula foni kukulitsa mlandu, mlandu weniweni suthera pafoni. Dyute imalipiridwa ndi mapepala a MRA ndipo pamatuluka lisiti, siipita pa nambala ya munthu. Belo ya kupolisi kwathuko ndi yaulere, ndipo ngati zavuta polisi ya pa boma si patali, kwerani kabaza mukafunse pa kauntala.

Ife kwathu tagwirizana kuti ndikadzamangidwadi, amene adzaimbe adzayambe watchula dzina la ng'ombe yomwe bambo anagulitsa kuti ndipeze thiransipoti yobwerera kuno. Achemwali ndawapatsanso nambala ya mkulu wa mpingo uja ndi ya mnzanga wogona naye nyumba imodzi. Kaputeni uja anaimbanso sabata yatha ndi nambala ina, pano akuti ndi wa Home Affairs, mawu ake omwe aja, ndinadula asanamalize kutchula dzina langa.