Memory Saver ya mu Chrome, ndaigwiritsa ntchito miyezi iwiri, ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndiyambe ndi kunena kuti kwa nthawi yaitali ndinkaimba mlandu netiweki pomwe vuto linali pa laputopu panga pomwe. Tsamba limatenga mwina masekondi 20 kuti litseguke, kagudumu kaja kamangozungulira, koma foni yanga pa wayifayi yomweyo ikutsegula tsamba lomwelo nthawi yomweyo osavuta. Apa mpomwe ndinazindikira kuti intaneti ilibe mlandu.

Laputopu yanga ili ndi memole ya 4 GB basi, ndiye ine ndi uja wosatseka matabu, ndimati ndiwerenga mawa, mawalo osafika, tsiku lomwe ndinawerenga analipo 43. Mnzanga wina ndi amene anandiuza kuti ndidine Shift+Esc ndili mu Chrome, kamatseguka kawindo kolembedwa Task Manager kosonyeza tabu iliyonse ndi memole yomwe ikudya. Ndinadabwa kwambiri, tabu ya imelo yokha inali pamwamba pa 300 MB, ina ya mavidiyo yomwe ndinaiwala kalekale inalinso chommo, ndipo tonse timasamba tating'onoting'ono tikaphatikizana memole inali itatheratu. Memole ikadzadza kompyuta imayamba kusunga zinthu pa disiki, ndipo disiki ndiyochedwa kwambiri poyerekeza ndi memole, ndiye ngakhale deta ifike mwachangu bwanji bulawuza imakhala ikuvutika kupeza malo oti ikonzere tsambalo muone.

Ndinayatsa Memory Saver, imapezeka mu Settings pa Performance, kapena mungolemba izi pamwamba paja polemba adiresi ya tsamba:

```
chrome://settings/performance
```

Chomwe imachita nchakuti tabu yomwe mwakhala nthawi osaigwira imaigoneka, tabuyo imaonekabe pamwamba koma memole yake yamasulidwa, mukaidina ndi pomwe imatsegukanso. Tsiku lomwelo fani ya laputopu inasiya kulira ngati kale, ndipo kusintha kuchoka pa tabu ina kupita pa ina kunasiya kuuma. Tabu yomwe ikuimba nyimbo kapena kuonetsa vidiyo siigoneka ayi, izi ndinaziyesa dala. Palinso pena polembedwa Always keep these sites active pomwe mumaikapo masamba omwe simukufuna agonekedwe, ine ndinaikapo la ku ntchito lomwe ndimalembamo tsiku lonse.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa tabu yogona ija mukaidzutsa imayenera kutsegukanso, ndiye pamakhala kadikiridwe pang'ono, komanso siyothetsa zonse. Masamba ena ankachedwabe ngakhale nditatsala ndi matabu asanu okha. Ndinayesa Ctrl+Shift+N kutsegula Incognito, m'menemo maekisitenshoni, timapulogalamu toonjezera tomwe mumaika mu bulawuza, sagwira ntchito pokhapokha mutawaloleza nokha, tsamba lija linatseguka ngati mphezi. Ndinapita pa chrome://extensions ndikupeza ndili nawo 11, ena sindikumbukira nkomwe kuti ndinawaika liti. Ndinazimitsa onse kenako nkumayatsa imodziimodzi, ndikayatsa ndiyese tsamba, ndikayatsa ndiyese tsamba, zinanditengera ngati theka la ola koma ndinaigwira, inali ina yofufuza makuponi pogula zinthu yomwe inali ndi chilolezo chowerenga tsamba lililonse lomwe ndatsegula. Ekisitenshoni yotere imathamangitsa kodi yake pa tsamba lililonse ngakhale loti simukugulapo kanthu. Ndinaichotsa pamodzi ndi ena asanu ndi awiri omwe sindinkawagwiritsa ntchito.

Za kashi ndinene pang'ono chifukwa anthu ambiri amangoti fufutani kashi ngati ndi mankhwala a matenda onse. Kashi ndi zithunzi ndi mafayilo omwe bulawuza imasunga kuti ulendo wina isakatengenso pa intaneti, kutanthauza kuti imathandiza kuti masamba atseguke msanga, ndipo mukaifufuta ulendo woyamba masamba amachedwerako. Ine inandithandiza pa tsamba limodzi lokha lomwe limabwera losokonekera, mabatani ali balalabalala, apo Ctrl+Shift+R inakwanira poti imatenga tsambalo mwatsopano osadalira zosungidwa. Ngati mukufunadi kufufuta yonse dinani Ctrl+Shift+Delete koma chongani Cached images and files yokha, ine mosadziwa ndinachonganso makuki, omwe amakumbukira kuti mwalowa kale m'maakaunti anu, ndipo ndinatulutsidwa m'maakaunti anga onse, pasiwedi ina ndinachita kuisintha poti ndinali nditaiiwala.

Panopa ndimakhala ndi matabu mwina 15, enawo ndimawasunga m'mabukumaki, maekisitenshoni atsala atatu, Memory Saver ndiyoyatsabe. Kwa amene memole yake ndi 4 GB kapena 8 GB ndipo amatsegula matabu ambiri ngati ine ndinganene kuti iyatseni lero lomwe, koma yambani mwadina Shift+Esc kaye muone chomwe chikudya memole yanu.