Sivi imene ndinabwera nayo ku Nottingham

Nditafika kuno ku England kutsatira bambo a kunyumba, omwe ndi namwino, ndinali ndi sivi yomwe ija ndinkayenda nayo mu envulopu ya khaki ku Lilongwe. Inali ya masamba anayi. Pamwamba panali chithunzi changa, tsiku lobadwa, mpingo, zoti ndili pabanja, boma lakwathu mpaka mfumu yaikulu. Ndinaitumiza malo 30 mwezi umodzi, osaitanidwa ngakhale kumodzi. Mayi wina wa kutchalitchi ataiona anaseka nati, "Achemwali, kuno safunsa kumene mumapemphera." Lamulo lawo la 2010 limaletsa kusankha wantchito potengera zaka, chipembedzo kapena banja, ndiye olemba ntchito safuna n'komwe kuona zimenezo. Ndinazichotsa, sivi inatsala masamba awiri.

Kenako ndinapyola muyeso. Ntchito iliyonse ndinkailembera sivi yakeyake kuyambira pachiyambi, maola awiri usiku ana atagona, moti pa sabata ndinkangokwanitsa zitatu. Choipa kwambiri sichinali kutopako. Pofunsira ntchito kunyumba ina yosamalira okalamba, ndinachotsa miyezi 8 imene ndinakhala pa kauntala yotumizira ndalama pa foni, poganiza kuti sizikukhudzana ndi kusamalira anthu. Pa intaviyu bwana wake analoza pepala ndi cholembera: "Kuyambira Malichi mpaka Okutobala 2019 munali kuti?" Ndinachita chibwibwi ngati ndaba nkhuku. Kumeneko lamulo limawakakamiza kukhala ndi mbiri yonse ya ntchito za munthu, ndipo mpata uliwonse umafunika kuufotokoza polemba. Kuwonjezera apo, pa fomu yawo ndinalemba kuti kusitolo ya mankhwala ndinasiya mu 2021 pamene sivi inkati 2022, chifukwa ndi kulembalemba kuja madeti ndinkangowachotsa m'mutu. Ntchito anandipatsa, koma ndinachedwa kuyamba ndi milungu itatu akufunsa kumudziko.

Lero ndimatere. Ndili ndi sivi yaitali imene sindiitumiza kwa aliyense. M'menemo muli ntchito iliyonse, mwezi ndi chaka chimene ndinayamba ndi kusiya, ndi zonse zimene ndinkachita. Kuchokera m'menemo ndinadula masivi awiri, ina ya ntchito zosamalira anthu, ina ya kumalo osungira katundu. Madeti, mayina a maudindo ndi maphunziro n'zofanana monsemo, ndipo sindizikhudza. Chimasintha ndi chimene ndaika patsogolo.

Tengani zaka zitatu zanga za kusitolo ya mankhwala ija. Mu sivi yosamalira anthu, mzere woyamba umati ndinkafotokozera makasitomala okalamba kamwedwe ka mankhwala monga adokotala analembera, ndiponso ndinkasunga chinsinsi cha matenda awo. Mu sivi inayo ndimayamba ndi zoti ndinkalandira katundu, kuwerenga sitoko Lachisanu lililonse ndi kuchotsa pa shelefu mankhwala otha nthawi. Zonsezi ndinkachitadi, pa kauntala imodzimodzi. Kungoti wa kunyumba ya okalamba alibe nazo ntchito za makatoni, ndipo ngati ndi zimene wayamba kuona, pa tsamba lachiwiri safikapo.

Pa ntchito iliyonse ndimangosintha mizere inayi ya pamwamba yonena za ine, ndipo zimanditengera mphindi 15. Ndimawerenga chilengezo cha ntchitoyo n'kuona mawu amene awabwereza. Akalemba "personal care" kawiri katatu, nanenso ndimalemba mawu omwewo, osati anga ofanana nawo, popeza wosankhayo amakhala ndi mndandanda wake ndipo amangochonga zimene wazipeza. Koma ngati chinthucho sindinachitepo, sindilemba. Kunyamula wodwala ndi makina amakuonera tsiku loyamba lomwe.

Pali ntchito zina zimene ndimakhalira pansi madzulo onse, monga za ku NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala kuno. Kumeneko sivi sigwira ntchito kwenikweni, umadzaza fomu, ndipo amakupatsa zofunika m'magulu awiri, "Essential" ndi "Desirable". Za gulu loyambalo umayankha chimodzichimodzi ndi chitsanzo chake, ukadumphapo chimodzi ukhoza osaitanidwa. Koma kwa ma ejenti opezera anthu maganyu ndimangotumiza imodzi mwa ziwiri zija mmene iliri. Iwo amafuna kudziwa ngati uli ndi chilolezo chogwira ntchito ndi masiku amene ungapezeke, basi.

Chimene chimandiuza kuti sivi yadwala ndi mayankho. Ndikatumiza khumi a mtundu umodzi osamva kanthu, ndimakonza sivi ya mtunduwo, osati kupitiriza kusintha timizere tapamwamba. Ndikamaitanidwa koma osatengedwa, vuto lili pa intaviyu, pepalalo ndimalisiya.

Ndisanatumize ndimawerenganso mzere woyamba mokweza. Tsiku lina ndinatumiza sivi kunyumba ina ya okalamba ili ndi dzina la nyumba inzake pamwamba, ndikuti ndakhala ndikulakalaka kugwira ntchito kumeneko. Sanandiyankhe mpaka lero.